Mkodzo ukatsekeka: kuyeza chikhodzodzo tisanaike katheta

Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, monga cha ku Chiwamba m'boma la Lilongwe, mawu oti "bambo sakutaya madzi chiyambire dzulo" amatha kunena za matenda awiri osiyana kutalitali. Munthu wina impso zake zikugwira ntchito bwino lomwe, mkodzo ukutsikira m'chikhodzodzo ola ndi ola, koma njira yotulukira yatsekeka. Wina njira yake ndi yotseguka, koma m'chikhodzodzo mulibe kanthu chifukwa impso zasiya kupanga mkodzo: mwina watsegula m'mimba masiku atatu, mwina ndi malungo aakulu, mwinanso ndi mayi amene wataya magazi ambiri pobereka. Woyambayo akufunika katheta, kapaipi kofewa kamene amakalowetsa m'njira ya mkodzo, ndipo akumufuna nthawi yomweyo. Wachiwiriyo akufunika diripi ndi kufufuza chimene chakhudza impso zake, ndipo katheta sangamuchiritse ngakhale pang'ono. Achibale amene abwera ndi wodwala pa njinga amafotokoza onse awiri ndi mawu amodzimodzi. N'chifukwa chake ndikuti chimene chiyenera kulamula kuika katheta si kuchuluka kwa maola amene munthu wakhala osakodza, koma kuchuluka kwa mkodzo umene uli m'chikhodzodzo chake pa nthawi imeneyo, kuphatikizapo mmene iye akumvera. Makina ounikira chikhodzodzo ndi njira yabwino yodziwira zimenezi, koma phindu lake lalikulu lili pamene anthu ambiri saliyembekezera: amapulumutsa anthu ku katheta amene sanali wofunika.

Tiyambe ndi kukula kwa chikhodzodzocho. Impso za munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 zimapanga mkodzo wokwana mamililita 30 mpaka 60 pa ola, ndipo zimapitirira apo ngati wamwa zambiri. Munthu amayamba kumva kuti akufuna kukodza m'chikhodzodzo mukakhala mamililita pafupifupi 200, ndipo pofika 400 kapena 500, omwe ndi ofanana ndi botolo laling'ono la madzi akumwa la m'sitolo, amakhala akufunafuna chimbudzi. Njira ikatsekeka mwadzidzidzi impso siziima. Chikhodzodzo chimatambasuka, chimatuluka kuseri kwa fupa la pachinena n'kukwera cha ku mchombo, ndipo chikafika mamililita 700 kapena 900 ululu umakhala woti bambo wamkulu amalephera kukhala pansi, thukuta lili kamukamu, akupita kuseri kwa nyumba n'kubwerako chimanjamanja. Vuto silithera pa ululu. Khoma la chikhodzodzo ndi mnofu, ndipo mnofu ukakokedwa mopitirira kwa maola ambiri umatha kufooka osadzafinyanso bwino. Kutsekekako kukakhalitsa, mkodzo umadzadza m'timachubu tochokera ku impso, impsozo n'kuyamba kutupa ndi kuwonongeka. Apa m'pamene pali ngozi ya thandizo lina lochokera mumtima wabwino. Kumumwetsa munthu wotere madzi ambiri, mankhwala azitsamba oti akodze, kapena mapilitsi okodzetsa monga lasikisi, ndi kuthira madzi ena m'chinthu chodzadza kale chimene pakamwa pake patsekeka.

Chimene chimatseka njirayo kawirikawiri, kwa abambo opitirira zaka 60, ndi pulositeti. Aka ndi kachiwalo kamene kamazungulira njira ya mkodzo pansi penipeni pa chikhodzodzo, ndipo kamakula munthu akamakalamba n'kumapanikiza njirayo. Kafukufuku wa ku Olmsted ku America, amene anafalitsidwa mu 1997, anaonetsa kuti mwa abambo a zaka za m'ma 70, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse amatsekeka mkodzo pasanathe zaka zisanu. Koma pulositeti imakula pang'onopang'ono kwa zaka, choncho funso lothandiza ndi lakuti n'chiyani chapangitsa kuti njira imene dzulo imadutsa mkodzo movutikira itsekeke lero. Nthawi zambiri pamakhala chinachake. Mwina bamboyo anamwa masese kapena kachasu wambiri pa mwambo wa chiliza, n'kugona osakodza mpaka chikhodzodzo kutambasuka mopitirira. Mwina wadzimbidwa masiku anayi ndipo chimbudzi cholimba chikupanikiza njira kuchokera kumbuyo. Mwinanso ndi mankhwala wamba: piritoni wa chimfine, basikopani wa m'mimba mopotokola, amitiripitilini amene amaperekedwa kwa anthu omva kutentha ndi dzanzi kumapazi, kapena mofini wa odwala khansa. Onsewa amafooketsa kufinya kwa chikhodzodzo. Kwa abambo achinyamata chimene chimavuta kwambiri ndi chipsera cha m'njira ya mkodzo, chotsalira ku chinzonono chimene sichinachizidwe bwino zaka zapitazo kapena ku ngozi. Likodzo la nthawi yaitali limatha kubweretsa khansa ya m'chikhodzodzo, magazi oundana n'kutseka potulukira. Amayi satsekeka kawirikawiri, koma zimachitika akangobereka, kapena chiberekero chopendekera kumbuyo chikamakula m'mwezi wachitatu kapena wachinayi wa pakati, kapenanso chotupa cha m'chiberekero chikapanikiza njira.

Makina asanatchulidwe n'komwe, pali dzanja. Wodwala agone chagada, mimba ili poyera. Mwa munthu wochepa thupi, chikhodzodzo chodzadza chimaoneka ndi maso: chotupa chosalala, chozungulira, chochokera pachinena kulunjika ku mchombo, chili pakati penipeni. Dzanja likachikanikiza pang'ono wodwala amadzidzimuka n'kunena kuti mkodzo wamugwira kwambiri, ndipo yankho limeneli ndi umboni wamphamvu, chifukwa chotupa china sichichita zimenezo. Kenako wachipatala amagoneka chala cha dzanja lamanzere pamimba n'kumachigogoda ndi chala cha dzanja lamanja, kuyambira pamwamba pa mchombo kutsika m'munsi. Pamene pali matumbo okhala ndi mpweya pamalira mokweza, ndipo pamene payambira chikhodzodzo kulirako kumasintha n'kukhala kogontha, monga mmene mayi amagogodera mgolo kuti adziwe pamene madzi alekezera. Ngati bambo wa zaka 70 ali mu ululu woopsa, sanakodze usiku wonse, ndipo chotupa chogontha chafika pafupi ndi mchombo, nkhani yatha. Ameneyo aikidwe katheta pompo. Kumutumiza ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central Hospital kuti akamuunike kaye, pa msewu wa mabampu chikhodzodzo chili chodzadza, ndi kumuzunza popanda chimene apindule. Tsono dzanja lili ndi malire ake. Chikhodzodzo chokhala ndi mamililita ochepera 300 sichimveka bwino. Mwa munthu wonenepa, mwa mayi amene wangobereka kumene, mwa wodwala amene ali ndi bala la opaleshoni pamimba, kapena wokomoka amene sanganene pamene pakuwawa, dzanja limangoganizira.

Apa m'pamene sikani imalowera. Makina ake amatumiza mafunde a phokoso amene khutu silimva, ndipo mafundewo amadutsa m'madzi osabwerera koma amabwerera akagunda mnofu. Choncho pa sikirini mkodzo umaoneka wakuda bii, wozunguliridwa ndi khoma lotuwa. Pali makina a mitundu iwiri. Ena ndi aang'ono, opangidwira chikhodzodzo chokha: namwino amapaka mafuta oterera pamimba, amaika mutu wa makinawo pafupifupi masentimita atatu pamwamba pa fupa la pachinena, amauweramitsa kuti uloze pansi cha kumapazi, n'kudina batani, nambala n'kutuluka yokha. Amabwereza katatu n'kutenga nambala yaikulu. Ena ndi makina omwe aja ounikira amayi oyembekezera, amene amapezeka m'zipatala zokulirapo monga St Gabriel's ku Namitete, ndipo amagwira ntchitoyi bwino lomwe ngati woyezayo akudziwa kawerengedwe kake. Amagoneka mutu wa makinawo chopingasa n'kuyeza mulifupi ndi kuya kwa chikhodzodzo pamene chakula kwambiri, kenako amautembenuza kuti uloze kumutu ndi kumapazi n'kuyeza mulitali. Miyezo itatuyi, yonse m'masentimita, amaichulukitsa pamodzi, kenako n'kuchulukitsanso ndi 0.52 chifukwa chikhodzodzo si bokosi la ngodya zinayi koma n'chozungulira. Chimene chatuluka ndi mamililita. Ntchito yonseyi sitenga mphindi zisanu, sipweteka, ndipo palibe chimene chalowa m'thupi.

Titenge chitsanzo cha odwala awiri amene afika m'mawa umodzi, onse ndi dandaulo limodzi. Woyamba ndi bambo wa zaka 68, wathupi lalikulu, amene wakhala akudzuka kanayi usiku kukakodza kwa chaka chonse, ndipo sabata ino wakhala akumwa piritoni. Anakodza komaliza dzulo madzulo. Akubuula, koma mimba yake ndi yaikulu ndipo dzanja silikupeza malire a chotupa. Sikani yapereka mulifupi masentimita 11, kuya 10, mulitali 13. Kuwerengera kwake ndi 11 × 10 × 13 × 0.52, ndipo yankho ndi mamililita 744. Wachiwiri ndi mayi wa zaka 55 amene watsegula m'mimba ndi kusanza kuyambira dzana, lilime lake lauma, ndipo naye sanakodze chiyambire dzulo. Miyezo yake ndi 5, 4 ndi 5, zimene zikupereka mamililita 52. Bamboyo watsekeka mkodzo ndipo aikidwe katheta tsopano lino. Mayiyo chikhodzodzo chake n'chouma, ndipo chimene chikufunika ndi madzi a m'diripi mwamsanga ndi kuyeza magazi kuti aone mmene impso zilili. Lamulo limene zipatala zambiri zimatsatira lili motere: munthu amene walephera kukodza ndipo ali ndi mamililita opitirira 400, makamaka ngati akumva ululu, atulutsidwe mkodzo. Ngati ali ndi ochepera 200, vuto si kutsekeka, ndipo maso apite ku impso ndi ku madzi a m'thupi. Pakati pa 200 ndi 400, ngati sakuvutika, m'pamene pali mwayi wodikira: amudzutse pabedi, amuperekeze ku chimbudzi kumene kulibe anthu omuyang'ana, bambo aimirire monga anazolowera, amve madzi akutsika pa mpopi, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri amuyezenso.

Wina anganene kuti manambalawa ndi ongopanga, kuti palibe chimene chimasintha m'thupi pakati pa 390 ndi 410. Akunena zoona, ndipo ngakhale akatswiri sanamvane pa nambala imodzi. Ku Denmark, kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anayerekeza odwala amene anachitidwa opaleshoni ya bondo kapena ya m'chiuno: gulu lina linkaikidwa katheta sikani ikafika mamililita 500, lina ikafika 800. M'gulu loyamba pafupifupi mmodzi mwa atatu anaikidwa katheta, m'gulu lachiwiri pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi atatu, ndipo mavuto a mkodzo pambuyo pake sanasiyane. Izi sizikutanthauza kuti bambo wobuula uja adikire mpaka 800. Odwala a ku Denmark aja anali ndi njira yotseguka, chikhodzodzo chawo chinali chitangogona ndi jekeseni wa pamsana, ndipo ankayembekezeka kudzuka okha. Phunziro lake ndi lakuti nambala imawerengedwa limodzi ndi munthu. Ndipo nthawi zina kusamva ululu ndiko kuyenera kuopsa kwambiri. Munthu amene ali ndi lita yathunthu m'chikhodzodzo koma sakudandaula, zovala zake zikungonyowa ndi mkodzo wodontha, sakukodza ayi: chikhodzodzo chikusefukira. Ngati akumvanso msana kuwawa, miyendo kufooka, ndi dzanzi pakati pa ntchafu, n'kutheka kuti china chake chikupanikiza mtsempha wa m'msana, ndipo kuno kwathu chifuwa chachikulu cha mafupa a msana chimachita zimenezi. Ameneyo aikidwe katheta, inde, koma atumizidwe ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo chifukwa miyendo yake ili pa chiswe.

Makinawo nawo amanama, ndipo woyeza ayenera kudziwa pamene amanamira. Makina aang'ono odziwerengera okha aja sadziwa mkodzo, amangodziwa madzi. Madzi alionse amene ali m'munsi mwa mimba amawawerenga ngati chikhodzodzo. Vutoli ndi lalikulu kuno, chifukwa odwala otupa mimba ndi madzi ndi ambiri m'mawodi athu: a matenda a chiwindi, a mtima, a chifuwa chachikulu cha m'mimba. Wodwala wotere makina atha kulemba 600, namwino n'kuika katheta, n'kutuluka timadontho tochepa chabe. Chotupa chamadzi cha m'thumba la mazira chimanyenga chimodzimodzi, komanso chiberekero cha mayi woyembekezera kapena amene wangobereka, m'mene muli madzi ndi magazi. Makina ounikira amayi aja ali ndi ubwino pamenepa, chifukwa woyeza amaona chithunzi ndi maso ake. Chikhodzodzo chili ndi khoma losalala lozungulira mbali zonse, pamene madzi a m'mimba alibe khoma, amalowa m'makona ndipo matumbo amayandama m'menemo. Kunama kwina n'kochepetsa: mutu wa makina ukaikidwa pafupi kwambiri ndi fupa la pachinena, fupalo limabisa gawo la chikhodzodzo, ndipo chikhodzodzo chachikulu kwambiri chimatha kusakwana pa chithunzi. Choncho makina akanena 150 koma dzanja likumva chotupa chofika pa mchombo ndipo wodwala akulira, wokhulupirika ndi dzanja ndi wodwalayo.

Kutsutsa kwamphamvu kwambiri ndi kwa anthu ogwira ntchito m'zipatala zopanda makina, ndipo n'koyenera kukumvetsera. Iwo amati katheta ndiye muyezo wotchipa ndi wolondola kuposa onse: mulowetseni, mkodzo ukatuluka mwachiza munthu, ukapanda kutuluka mwadziwa kuti munalibe, n'kumuchotsa. Mfundoyi ikanakhala yoona katheta akanakhala wopanda mtengo kwa wodwala. Njira ya mkodzo ya mwamuna ndi yaitali pafupifupi masentimita 20, imakhota, ndipo khungu la m'kati mwake ndi lofewa. Kulowetsa kulikonse kuli ndi mwayi wong'amba, ndipo pong'ambika pamapola ndi chipsera chimene chidzatseke njira zaka zikubwerazo. Katheta akakhala m'thupi, tizilombo timakwera naye: mwayi woti mkodzo ukhale ndi tizilombo umakwera ndi 3 mpaka 7 pa 100 tsiku lililonse, moti pakatha mwezi pafupifupi aliyense amakhala nato. Ambiri sadwala nato, koma ena tizilomboto timalowa m'magazi. Chinanso, katheta woikidwa mongoyesa sachoka monga amanenera. Wodi ikadzadza, namwino ali yekha usiku, katheta amaiwalika mpaka tsiku lotuluka, ndipo nkhalamba imene ikanadzuka kupita ku chimbudzi imangogona chifukwa cha thumba limene lili pa mwendo. Ndivomereze mbali imodzi: wodwala wa kayakaya amene impso zake zikulephera amafunika katheta nthawi zina kuti adokotala aziwerenga mkodzo wa ola lililonse. Koma chimenecho ndi chifukwa china, chosankhidwa mwadala, osati kulowetsa paipi kuti tione ngati muli kanthu.

Nanga chipatala chaching'ono chimene chilibe makina alionse chitani? Yankho langa ndi lakuti ganizo loyeza silifuna magetsi. Ambiri mwa abambo amene amafika ku Chiwamba, ku Nsaru kapena ku Nambuma atatsekeka mkodzo amabwera mochedwa, chikhodzodzo chitakula moti dzanja lophunzitsidwa silingachiphonye. Kwa amenewo chosowa si sikani koma katheta wa saizi yoyenera, mankhwala oterera ochititsa dzanzi, magolovesi oyera ndi munthu wodziwa kuika. Kumene dzanja silikumva kanthu ndipo kugogoda kukulira mokweza mpaka pa fupa, makamaka ngati lilime lauma ndipo mtima ukuthamanga, nzeru ndi kuyamba ndi madzi n'kugogodanso pakatha maola awiri. Otsala okayikitsawo, onenepa, otupa mimba, amayi a m'chikuta, ndi amene sikani imawathandiza, ndipo ambiri a iwo amapezeka m'zipatala zimene makina ounikira amayi alimo kale. Kumeneko chofunika n'chakuti makinawo asamatsekeredwe m'chipinda cha sikelo usiku, ndipo anamwino a m'mawodi aphunzire miyezo itatu ija. Mayi amene wabereka akuyembekezeka kukodza pasanathe maola asanu ndi limodzi, ndipo kwa iye kudikira kuli ndi ngozi ina, chifukwa chikhodzodzo chodzadza chimalepheretsa chiberekero kukhwinyata, magazi n'kumapitirira kutuluka. Mayi amene akutaya magazi mzamba sadikira makina, amatulutsa mkodzo nthawi yomweyo, ndipo akuchita bwino.

Tikadziwa kuti chikhodzodzo chadzadza, patsala funso lachiwiri limene sikani singayankhe: kodi njirayo ndi yoti n'kudutsamo? Mnyamata amene wagwa pa njinga yamoto ya kabaza, chiuno chikuwawa, magazi akuoneka pa nsonga ya chida chake, n'kutheka kuti njira ya mkodzo yaduka m'kati. Kukankha katheta mwa iye kungasandutse kung'ambika kwa mbali imodzi kukhala kuduka kotheratu. Ameneyo asagwidwe ndi munthu amene si katswiri. Chimodzimodzi, katheta akaima patangolowa masentimita ochepa, chimenecho n'chipsera, ndipo mphamvu siboola chipsera koma imaboola khoma la pambali n'kupanga njira yabodza yotuluka magazi. Kuyesa kawiri mofatsa n'kokwanira. Zikakanika, njira ina ndi kulowa pamimba, zala ziwiri pamwamba pa fupa la pachinena, pamene chikhodzodzo chodzadza chimakhudzana ndi khoma la mimba chitakankhira matumbo m'mwamba. Dokotala wophunzitsidwa amatha kuika katheta pamenepo, kapena kutulutsa mkodzo ndi singano kuti wodwala apeze mpumulo pa ulendo wa ku chipatala chachikulu. Apa sikani imabwereranso ndi mphamvu, chifukwa kubaya pamimba ya munthu amene chikhodzodzo chake sichinadzadze ndi kubaya matumbo.

Tibwerere kwa bambo wa mamililita 744. Katheta amene aikidwe ndi wa mtundu wa Foley, dzina la dokotala wa ku America, Frederic Foley, amene anaupanga m'zaka za m'ma 1930: ali ndi kabaluni ku nsonga kamene kamafufumitsidwa m'chikhodzodzo kuti asatuluke. Kwa mwamuna saizi yoyambira ndi 14 kapena 16, ndipo 16 ndi wonenepa mamilimita opitirira pang'ono asanu. Ambiri amaganiza kuti pulositeti yaikulu ikufuna katheta wowonda, koma wowonda amapindika akagunda pulositeti, pamene wonenepako pang'ono amadutsa. Atatsuka malowo, wachipatala amathira mamililita 10 a mankhwala oterera a dzanzi m'njiramo n'kudikira mphindi zitatu kapena zisanu, ndipo mphindi zimenezi, zimene anthu otanganidwa amakonda kudumpha, ndi zimene zimasiyanitsa kulowetsa kosavuta ndi kolimbana. Katheta alowe mpaka pa mphanda pake, mkodzo uoneke, ndipo pokhapo m'pamene baluni ifufumitsidwe ndi mamililita 10 a madzi oyera a jekeseni. Baluni yofufumitsidwa ikadali m'njira imang'amba, ndipo wodwala akalira pamene madzi akulowa, aleke nthawi yomweyo. Kwa bambo wosadulidwa, khungu la kunsonga libwezeretsedwe, apo ayi pofika mawa lidzakhala litatupa ndi kumanga. Kale anthu ankaphunzitsidwa kutsina paipi pakatuluka theka la lita poopa magazi ndi kukomoka, koma kafukufuku wa ku Germany wa mu 2013, wa odwala 294, sanapeze phindu la kutulutsa pang'onopang'ono. Mkodzo utuluke wonse.

Pakatha mphindi 15 munthu ayang'ane thumba n'kulemba nambala m'buku la wodwala. Kanthu aka kamaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi muyezo wolondola kuposa wa makina, ndipo umalosera za m'tsogolo. Ngati mwatuluka mamililita 780, sikani inanena zoona, ndipo bamboyu ali ndi mwayi wabwino wodzakodzanso yekha. Ngati mwatuluka lita imodzi ndi theka, vutoli ndi lakalekale, chikhodzodzo chinatambasuka kwa miyezi, ndipo impso ziyezedwe. Wotere asathamangitsidwe kupita kunyumba, chifukwa impso zimene zinapanikizika zikamasuka nthawi zina zimataya madzi mopitirira. Mkodzo ukamapitirira mamililita 200 pa ola kwa maola awiri otsatizana, kapena malita atatu pa tsiku, munthu atha kuuma ndi kukomoka thumba likudzadza mkodzo woyera bwino, achibale akusangalala kuti wachira.

Chisankho choika katheta sichinathe ngati tsiku lomuchotsa silinalembedwe. Abambo ambiri amaopa paipi chifukwa anaona mnzawo m'mudzi akuyenda ndi thumba m'thalauza kwa zaka, akupita ku chipatala mwezi ndi mwezi kukasinthitsa, ndipo mantha amenewa ndi amene amawachedwetsa kunyumba mpaka impso kuwonongeka. Sikuti aliyense amathera pamenepo. Bambo wa chitsanzo chathu asiye piritoni, kudzimbidwa kuthetsedwe, ndipo ngati alipo ayambe mankhwala omasula mnofu wa pulositeti monga tamusulosini, mamiligalamu 0.4 pa tsiku, atachenjezedwa kuti angamve chizungulire podzuka. Pakatha masiku awiri kapena atatu katheta achotsedwe m'mawa, kuti ngati zikanike zikanike masana anthu alipo. Amwe madzi mwachizolowezi, akodze, kenako ayezedwe zotsalira m'chikhodzodzo ndi sikani kapena ndi dzanja. Ngati wakodza bwino ndipo zotsalira ndi zochepa, apite kwawo wopanda paipi, ndi tsiku lodzaonetsa pulositeti yake. Mu kafukufuku wamkulu wa mankhwala a mtundu umenewu, pafupifupi asanu ndi mmodzi mwa khumi anakodza okha atachotsedwa katheta, poyerekeza ndi ochepera pang'ono theka mwa amene sanamwe. Amene zakanika ndi amene aikidwenso katheta n'kutumizidwa kwa madokotala a opaleshoni. Inu amene mwaperekeza bambo anu kapena amuna anu, musachoke pa chipatala musanafunse mafunso awiri: mwatuluka mkodzo wochuluka bwanji, ndipo paipiyi adzayesa kuichotsa tsiku liti.